Makadi a Stafford

Phulusa lija linayamba kuoneka mu Januwale chaka cha 1953, mvula itafika poipa ndipo tiyi akuphuka ngati wapenga. Lestina anatsegula chitseko m'mamawa, dengu lothyolera tiyi lili kumsana, n'kupeza kuti wina wawaza phulusa pakhomo pake. Silinali lotayika mwangozi ayi. Linali lopyapyala, losalazidwa bwino ndi dzanja, kuyambira pachitseko mpaka pomwe madzi a padenga amagwera.

"Achemwali, mwaona izi?" anafunsa motsitsa mawu.

Teleza, mkulu wake, anali atakhala pamphasa akupukuta nkhope ya Jean, mwana yekhayo wa Lestina, amene thupi linali likumutentha kuyambira Lamulungu. Sanatembenuke n'komwe.

"Mwina ndi mphepo," anatero. "Pita iwe, akapitawo akulemba kuti wajomba."

Mphepo yanji yodziwa kusalaza phulusa? Lestina analidumpha osaliponda, ndipo tsiku lonse m'munda manja ankathyola tiyi koma mtima unali pakhomo paja. Mawa lake analipezanso, mkuja chimodzimodzi. Akasesa madzulo, kukacha lilipo. Jean naye ankati masana apezeko bwino, dzuwa likapendeka ayambe kunjenjemera mano n'kumagundana.

Nyumba ya kumalaini, komwe antchito a pa esiteti ya tiyi amakhala, sisunga chinsinsi, khoma ndi limodzi ndi la mnzako. Posachedwa amayi a pamjigo anayamba kunong'ona. Ena ankati ndi afiti akuyeza nyumba, ena ankati ndi mwamuna wa Lestina, Amosi, amene anapita ku Joni ndipo anasiya kulemba makalata, kuti mwina anafera mumgodi ndiye mzimu wake ukusowa polowera. Margret wa nyumba yoyandikana ndi amene anamukokera pambali.

"Mukuvutikiranji, anzanga? Pitani kwa a Stafford. Ine anandiuza zonse, ngakhale za malemu mayi anga. Sindinatsegule pakamwa ine."

Stafford anali khukhi wakale wa dona wina wa pa esiteti imeneyo. Donayo pobwerera kwawo anamusiyira makadi a zithunzi amene iye ankawatcha taroti, ndipo Stafford, amene kwa zaka zambiri ankaona dona akuwayalira alendo ake uku iye akuthira tiyi m'makapu, anayamba kuwayalira anthu a kumalaini. Sankavala zikopa, analibe nsupa kapena mchira. Ankavala jekete loyera ndipo ankalankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo, moti ngakhale Akhristu ankapitako akudziuza kuti kumeneko si kwa sing'anga.

Lestina anapitako ataweruka, nkhungu itayamba kutsika m'mizere ya tiyi. Nyumbayo inali kuseri kwa mabulugama, ndipo mkati munkanunkha palafini ndi sopo. Kutali fakitale inkangolira mosalekeza, monga ichitira nyengo ya tiyi wambiri. Stafford anamuyang'anitsitsa, kenako anamupatsa makadi kuti awasakanize yekha ndi manja ake akuda ndi utomoni wa tiyi.

"Simukugona, mayi," anatero, akutembenuza khadi loyamba. Panali mwezi ndi agalu awiri akuuwa. "Pali chimene chikuyenda usiku."



"Ndikuonanso mwamuna amene mwakangana naye posachedwa."

"Ayi, bambo, sindinakangane ndi munthu."

"Sindikunena mkangano wa pakamwa. Mtima wanu ndi umene ukumufunsa mafunso, iye osayankha."

"Bambo a Jean," Lestina ananong'ona. "Ali ku Joni. Anasiya kulemba."

"Ndi ameneyo." Khadi lina linali ndi bwato, munthu akupalasa, mayi ndi mwana atafunda. "Munawolokapo madzi inu, ndipo tsidya lija munasiyako manda. Ndinu munthu woleza mtima, anthu amakudyerani masuku pamutu, koma akakufikani pena mumapsa mtima mpaka kudzidabwa nokha. Nanga mwana wamwamuna akudwalayu?"

"Ndi wamkazi."

"Eya, wamkazi, koma mtima wake ndi wachimuna. N'chifukwa chake akulimbabe."

Misozi ya Lestina inayamba kutsika. Munthu ameneyu ankamuwerenga ngati wamusenda khungu. Khadi lomaliza linali la mkazi wokhala pampando, lupanga lili m'manja, nkhope yosaseka. Stafford analiyang'ana, n'kuyang'ana Lestina, n'kupumira m'mwamba.

"Pali mkazi pafupi nanu. Mumaseka naye, mwina mumadyera limodzi. Ali ndi bala mumtima, chifukwa pali chimene inu muli nacho iye alibe. Mukumudziwa?"

"Mkazi wa akapitawo sandikonda..."

Stafford anangodikira. Nyali inathetheka. Lestina anafunafuna m'mutu mwake, ndipo chimene anachipeza chinamuopsa.

"Kunyumba ndimakhala ndi achemwali anga okha, a Teleza. Iwo sanaberekepo."

"Ine sinditchula munthu," anatero Stafford, akusonkhanitsa makadi pang'onopang'ono. "Koma tsegulani maso. Muona nokha."

Ndipo anaonadi. Munthu ukamuuza kuti atsegule maso, amaona ndithu, ngakhale chimene palibe. Teleza ameneyu ndi amene anabereka Lestina kumsana powoloka mtsinje wa Ruo makolo awo atamwalira ku Mozambique, ndi amene anamulera, ndi amene amuna ake atamwalira anabwera kudzamulerera mwana kuti iye azitha kugwira ntchito. Zonsezo Lestina ankazidziwa. Koma madzulo amenewo atalowa m'nyumba, chimene anaona ndi momwe Teleza ankamuyang'anira Jean, maso osaphethira, ngati munthu wanjala.

Usiku sanagone. Anamva kadzidzi m'mabulugama, ndipo anaiwala kuti kadzidzi ameneyo wakhala akulira mmenemo chiyambire kukhala kumalaini. Anamva Teleza akung'ung'udza m'Chilomwe mumdima, mawu osamveka bwino, dzina la Jean likutuluka apa ndi apo. Usiku uliwonse wa moyo wawo Teleza ankapemphera choncho, koma tsopano sizinamveke ngati pemphero. M'mawa anamuuza osamuyang'ana kumaso kuti asamapatsenso mwanayo kalikonse, kaya phala kaya madzi, iye adzimudyetsa yekha akaweruka. 

Usiku wotsatira Lestina ananamizira kugona. Mvula inali itakata, kunja kunali zii, kupatula fakitale ija ndi madontho ogwa padenga. Anamva mphasa ikukwekwesa. Anamva mapazi opanda nsapato akupita kumafuwa, chigoba cha mphika chikukokola pansi, mpiringidzo ukuchotsedwa mosamala. Anasuzumira pang'ono. Pakhomo, m'kuwala kofooka kwa mwezi wa m'nkhungu, Teleza anali atagwada akusalaza phulusa ndi chikhatho.

Lestina analuma nsalu kuti asakuwe. Kuti Teleza anali atasiya kudya, kuti bulangete lake analifunditsa mwana iye n'kumagona ndi chitenje chokha m'chisanu chija, zimenezo zinali poyera, koma maso a Lestina ankazidumpha ngati momwe mapazi ake ankadumphira phulusa.

Zinaphulika Lachisanu madzulo. Anabwera msanga kuchokera kusikelo n'kupeza Teleza atapanira Jean pamiyendo, akumuthira madzi a m'kabotolo m'kamwa, mwana akulira ndi kulavula. Lestina analanda botolo lija, n'kulawa ndi nsonga ya lilime. Linali lowawa ngati ndulu.

"Mukundiphera mwana!"

"Ndi kwinini, Lestina. Ndinapita naye ku dispensale dzana iwe uli kumunda. Ndikanakuuza ukanandiletsa."

"Nanga phulusa? Ndinakuonani ndi maso angawa!"

Teleza anayang'ana pansi. Anthu anali atadzaza kale pakhomo, ndipo wina kumbuyo ananena mawu aja amene akatuluka sabwereranso. Teleza sanadziteteze. Anamanga zovala zake m'chitenje, anagwira phazi la Jean kamphindi, n'kutuluka mumvula kulowera njira ya ku Goliati komwe kunali abale a malemu amuna ake.

M'mawa mwake kunabwera Elson, wothandiza odwala wa pa dispensale ya esiteti, amene aliyense ankangomutcha adokotala. Anaphunzira ntchitoyo kunkhondo, ndipo anali munthu wosachedwa kupsa mtima, wa chizolowezi choipa choseka pamene ena akuopa. Anabwera chifukwa mwana sanabwezedwe tsiku limene anauza Teleza. Atamva zomwe zinachitika sanaseke. Anamwetsa Jean mankhwala yekha, n'kukhala pachitsa pakhomo.

"Mayi, ndiuzeni zimene a Stafford ananena. Koma mwandondomeko, kuyambira mawu oyamba."

"Anandiuza zonse, adokotala. Anati amuna anga ali ku Joni, anati ndinawoloka Ruo, anati mwana wanga wamkazi akudwala, anatchula achemwali."

"Joni anatchula ndani? Iwo kapena inu?"

"Ine," Lestina anavomera.

"Asananene za amuna anu, anati chiyani?"

"Anati... ndakangana ndi mwamuna."

"Munakangana naye?"

"Ayi. Koma iwo amatanthauza..."

"Amatanthauza zimene inu munawapatsa pambuyo pake. Nanga mwana, anati wamkazi?"

Lestina anakumbukira. "Anayamba anena kuti wamwamuna."

"Mwaona? Kawiri anaphonya, kawiri konse munawakonzera nokha, ndipo pofika kunyumba zophonyazo munali mutaziiwala. Si inu nokha, mutu wa munthu ndi mmene ulili. Umasunga chimene chagunda, chophonya umataya. Ine ndinaona anthu oyala makadi otere kunkhondo, asilikali akutuluka m'tenti akulira kuti awauza zonse. Msilikali aliyense ankauzidwa kuti ali kutali ndi kwawo ndipo akudera nkhawa mkazi. Nanga msilikali wosadera nkhawa mkazi ndi uti?"

"Koma Ruo, adokotala. Anadziwa bwanji?"

"Anati Ruo kapena anati madzi? Pamalaini ano ndani sanawoloke madzi? Mukangolankhula, lilime lanu limanena lokha kuti kwanu ndi tsidya. Manda aliyense anasiya. Mwana wodwala, mwezi uno wa udzudzu, lowani nyumba iliyonse. Ndipo mayi wa msinkhu wanu akafika madzulo maso ali ofiira, kumsana kulibe mwana, mukufuna makadi kuti mudziwe chikumuvuta? Dikirani muone."

Margret anali akudutsa ndi ndowa. Elson anamuitana, natulutsa m'thumba timapepala tokulungira mapiritsi, topanda chithunzi chilichonse, n'kutiyala pansi ndi nkhope yaulemu.

"Mayi Margret, nanenso ndinaphunzira kunkhondo. Apa ndikuona kuti ndinu munthu wochezeka, koma pali zina zimene simuuza aliyense."

Margret anatula ndowa. "Zoona zimenezo."

"Pali munthu wachikulire amene anapita musanamuuze mawu ena. Bambo, kapena..." anamuyang'ana kumaso, "mayi. Mayi anu. Chifuwa, kapena m'mimba umu."

"M'mimba! Mayo ine, adokotala!"

"Ndipo pali mkazi pafupi nanu amene amaseka nanu, koma amasirira chimene muli nacho."

Margret anaponya diso kunyumba ya kutsogolo, n'kugwira pakamwa. Elson anatola timapepala tija n'kumuonetsa kuti ndi toyera mbali zonse. Margret anakwiya, nanyamula ndowa yake akunena kuti anthu ophunzira ndi amwano, komabe zimene ananenazo zinali zoona.

"Mwamva?" Elson anatembenukira kwa Lestina. "Akudziwa kuti ndi mapepala a mapiritsi, koma akuti zinali zoona. Wochezeka koma wachinsinsi, woleza mtima koma wopsa mtima, ukanena mbali zonse ziwiri sungaphonye. Ndinati bambo, nkhope yawo sinasunthe, ndinati mayi, maso anagwa, ndiye ndinatsata pomwepo. Ndinati chifuwa kapena m'mimba, iwo anasankha okha. Mawa akauza anthu kuti ndinatchula mayi awo ndi nthenda yawo. Makadi a Stafford amangoposa anga chifukwa ali ndi zithunzi. Bwato lingakhale ulendo, imfa, kuthawa, kapena kubwera kwa mlendo. Mkazi wa lupanga angakhale mdani, angakhalenso mlonda wokutetezani. Chithunzi sichinena kanthu, amene wabwera ndi nkhawa ndiye amachipatsa mawu."

"Ndiye a Stafford ndi wabodza?"

"Mwina ayi, ndipo n'zimene zimandiopsa ine. Amene anawauza zophonya sabwerako kukadandaula, obwerako ndi othokoza okha. Ndiye nawonso amaona ngati sanaphonyepo."

Lestina anapukusa mutu. Chinthu chimodzi chinali chitatsala, ndipo anachigwiritsa ngati nthambi pamtsinje wosefukira.

"Phulusa lija si makadi. Ndinaona ndekha."

Elson anayang'ana pakhomo paja, pomwe mvula inali itasandutsa phulusa lomaliza kukhala matope otuwa.

"Achemwali anu anandiuza tsiku limene anabwera ndi mwana. Iwo ndi amene anayamba kupita kwa a Stafford, Jean atangoyamba kutentha. Anachita manyazi kukuuzani, poti ndi mayi wa mvano. Anauzidwa kuti pali chimene chikuyenda usiku, ndi kuti pali mkazi pafupi amene ali ndi bala mumtima. Mawu omwewo, mayi. Iwo anaganiza kuti ndi munthu wakunja, ndiye ankawaza phulusa kuti aone mapazi ake m'mawa. Ankalondera mwana wanu."

Lestina anakhala pansi m'matope momwemo. Analira mokweza, kulira kwa pamaliro, mpaka Jean anadzuka m'nyumba. Elson anamusiya alire, kenako anaimirira n'kukonza chipewa.

"Nditumiza mawu ku Goliati ndi dalaivala wa lole kuti a Teleza abwere. Koma mverani ichi, ndikukuuziranitu zisanachitike. Mwanayu wamwa kwinini kuyambira Lachitatu. Mawa kapena mkuja thupi lizizira. Anthu adzati wachira chifukwa a Teleza achoka. Inunso mtima wanu udzanena zomwezo. Mukadzamva choncho, mudzakumbukire kuti ndinanena lero."

Zinachitika monga ananenera. Lamulungu m'mawa Jean anadzuka thukuta lili thoo, napempha chinangwa. Pofika masana malaini onse anali atamva. Amayi ankabwera kudzamugwira pachipumi n'kumayang'anana. Margret anaimirira pakhomo manja m'chiuno.

"Mfiti yatuluka Lachisanu, mwana wadzuka Lamulungu. Adokotala anene zawozo, ife tili ndi maso."

Lestina anawayankha kuti ndi kwinini. Anawauza za timapepala toyera, za mwana wamwamuna amene analibe, za phulusa la mlonda. Ankalankhula bwino, ndipo ankakhulupirira zimene ankanena. Koma anthu atapita, iye atatsala yekha ndi mwana amene ankasewera ndi chisononkho pamphasa, kamawu kena kanayamba kumufunsa mkati. Bwanji sanachire Lachinayi, achemwali alipo? Ankakayankha kuti mankhwala amatenga masiku. Kankakhala chete pang'ono, n'kufunsanso.

Lolemba kutada, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi moti ngakhale nyali ya nyumba yoyandikana sinkaoneka, anamva mapazi panjira. Ankawadziwa mapazi amenewo, anakulira pamsana pa mwini wake. Anafika pakhomo n'kuima.

"Odi," anatero Teleza, mawu otopa ndi ulendo. "Lestina, ndine. Adokotala anatumiza mawu."

Lestina anadzuka msangamsanga, nagwira mpiringidzo ndi manja awiri. Kumbuyo kwake Jean anali m'tulo, akupuma mofewa, thupi lili lozizira bwino. Anamuyang'ana mwanayo. Zonse zimene Elson ananena ankazikumbukira, liwu ndi liwu, ndipo ankadziwa kuti ndi zoona. M'mabulugama kadzidzi uja analira.

"Lestina? Mwana ali bwanji?"

Manja ake anali pampiringidzo, koma sanaukweze. Anaima choncho osapuma, misozi ikutsikira m'khosi, akudziuza kuti atsegula pompano, angodikira pang'ono.  Kenako anamva chinthu chikuikidwa pansi mosamala, ndipo mapazi aja anayamba kubwerera, pang'onopang'ono, mpaka phokoso la fakitale linawameza.

M'mawa anatsegula chitseko. Pakhomo panalibe phulusa. Panali kamtolo ka nthochi zakupsa, zimene Jean ankazikonda, zokulungidwa m'mpango wa Teleza kuti zisanyowe. Lestina anazitola, anazinunkhiza, anaziyang'ana mbali zonse, ndipo mwanayo sanamupatse.